Tsiku Limene Magdalena Anazula Chaja

Nthawi inali itangopitirira eyiti koloko m'mawa wa Lachiwiri, tsiku la msika waukulu pa Dzaleka. Magdalena anali atasesa kale m'shopu, atawaza madzi pakhomo kuti fumbi ligone, tsopano akupukuta malaputopu ndi kansalu kofewa. Fumbi la Ogasiti silimva kupukutidwa. Ukapukuta wachisanu, woyamba uja wayeranso mbuu.

Shopuyo inali ya alamu ake a Frank, amuna a akulu ake a Kristina. Ankagulitsamo malaputopu akaunjika ochokera kunja, mafoni ndi machaja. M'mawa umenewo a Frank analowa akutafuna chinangwa, n'kuloza ndi mlomo kumapeto kwa shelefu.

"Magi, Chakuda chija lero chituluke. Alimi agulitsa fodya, ndalama zikuwayabwa m'matumba. Ndiye ndikuuziretu, ukayambanso zako zija zofunsa anthu mafunso ngati nesi wa kusikelo, utenge chikwama chako uzipita. Sindidzabwerezanso."

"Ndamva, alamu."

Chakuda chinali chilaputopu chachikulu, cholemera ngati njerwa. Pakona pake panali kachizindikiro konyezimira kolembedwa kuti i7, ndipo a Frank ankakapukuta okha ndi malovu. Chinali chitakhala m'shopumo miyezi isanu ndi iwiri. Kawiri konse chinagulidwa, kawiri konse chinabwezedwa ndi mkangano. Chingwe chake cha chaja sichinkachoka kukhoma, ndipo chifukwa chake ankachidziwa anthu awiri okha, a Frank ndi Magdalena.

Magdalena kwawo ndi kuseri kwa Mtengowanthenga, kumudzi kumene belu la kumishoni limamveka mphepo ikachokera kum'mawa. Sukulu analekeza Fomu 2 bambo ake atamwalira. Anakwatiwa, nabereka mwana wamwamuna, Chiko, koma banja silinakhalitse. A Kristina ndi amene anamuitanira ku Dzaleka, n'kumupatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yawo, n'kumupemphera ntchito yosesa m'shopu. Pamene ankafika, kompyuta ankaiopa kuigwira, kuganiza kuti akadina molakwa iphulika. Kenaka bungwe lina m'kampu ya othawa kwawo ya pa Dzalekapo linayamba kuphunzitsa amayi za makompyuta masana, iye n'kulembetsa. Miyezi itatu yokha. Zotsalazo anaphunzira m'shopu momwemo, potsegula makina ofa ndi kasikuludiraiva a Frank akapita ku Lilongwe kukaoda katundu. Pofika chaka chachinayi, ndi iye amene ankaika mapulogalamu, kusintha makiyibodi, ndi kudziwa matenda a laputopu iliyonse imene inali pashelefu. Malipiro ake ndi amene ankaveka Chiko yunifolomu ndi kumugulira makope.

Zofunsa mafunsozo zinayamba ndi mphunzitsi wina wamkazi. Mayiyo anagula laputopu atamva Chingerezi cha a Frank, osamvetsa kanthu, koma kuchita manyazi kufunsa poti iye ndi mphunzitsi. Patatha mwezi anabwera nayo atayikulunga m'chitenje ngati mwana wodwala. Anali atangoitseka isanazime, n'kuiponya m'chikwama, njinga yamoto n'kukamugwetsa pamtsetse. Kunja laputopu inalibe ngakhale chipsera, koma m'kati mbale yosungira zinthu inali itafa. Malikisi a ana, manotsi a zaka ziwiri amene anasamutsiramo, zonse zinapita. A Frank atamuona akubwera anatulukira khomo lakuseri. Misozi yonse anailandira Magdalena.

Chimene chinamuwawa n'chakuti pashelefu yomweyo panali laputopu ina imene ikanapirira kugwa koteroko, mtengo wake wosasiyana kwenikweni. Panalibe amene anamufunsa mayiyo kuti amayenda pa chiyani. Kuchokera tsiku limenelo Magdalena sankayambanso ndi manambala. Ankayamba wafunsa kuti woigwiritsa ntchito ndani, akachita nayo chiyani, kumene akupitako magetsi aliko kapena ayi. Ogula ankamukonda. A Frank ankadana nazo, chifukwa makina abwino ankatha msanga, zotopa n'kumatsala.

"Wogula ali ndi maso ake," ankatero a Frank. "Tabwino timeneti n'ta anthu a m'mabungwe, odziwa kuwerenga manambala. Wakumudzi angasiyanitse chiyani? Bola iziyaka."

Ine wolemba nkhaniyi, mawu amenewo ndi amene amandiwiritsa magazi mpaka lero. Ngati kuti ndalama ya wakumudzi imathyoledwa mumtengo.

Cha m'ma teni koloko panaima njinga yamoto pakhomo. Anatsika bambo wamtali, wovala jekete la kutchalitchi, kolona ikuonekera m'khosi, fumbi lofiira litamufika m'nsidze. Pambuyo pake mtsikana wa zaka ngati makumi awiri. Anali bambo Danieli a ku Kasakula ndi mwana wawo Ulemu. Ananyamuka kusanache, kudutsa mapiri onse aja. Ulemu anali atasankhidwa kukaphunzira unamwino kutauni, woyamba m'banja lonse kufika pamenepo, ndipo kalata ya kukoleji inanena kuti aliyense apite ndi laputopu. A Danieli anagulitsa mabelo awo onse a chaka chimenecho ali ndi mwanayo mumtima.

Atapatsana moni, anatulutsa kapepala kopindapinda m'thumba la jekete, n'kukatambasula mosamala ngati kapepala ka mankhwala kochokera kwa dokotala.

"Mphwanga wa ku Lilongwe wandiuza pafoni, ine n'kulembetsa. Akuti tigule iyi, tisalole ina."

Pakapepalapo panalembedwa i7 basi.

Nkhope ya a Frank inawala ngati aona mvula yoyamba.

"Madala, Mulungu wakutsogolerani! Yatsala imodzi yokha, ndipo dzulo lomweli mzungu wina amailirira." Anakokera Chakuda kutsogolo, chingwe chikutsatira pambuyo. "Core i7! One terabyte! Sikirini yaikulu ngati kanema, podyera DVD pomwe pali apa. Heavy duty, madala. Iyi ndi ndege."

Anapitiriza choncho, magigahezi, magirafikisi, mawu akugubuduka ngati miyala pamtsetse. A Danieli ankangogwedeza mutu. Ulemu ankayang'ana pansi. Nayenso kompyuta anali ataigwirapo kangapo kokha kusekondale, anthu asanu pa makina amodzi.

Kenaka a Danieli anachita chimene mlimi aliyense amachita asanagule chinthu. Ananyamula Chakuda ndi manja awiri, n'kuchiyeza kulemera. Anachiika. Ananyamula kalaputopu kotuwa kamene kanali pambali pake, kopyapyala, kokandika pachivundikiro. Anaseka.

"Aka m'kati mulibe kanthu. Kali ngati mtedza wa chaka cha chilala, makoko okhaokha. Ichi ndiye chili ndi katundu."

"Mwaona? Inu ndiye odziwa, madala. Ena amabwera ndi madigiri koma osaona zimene mwaonazi."

Koma a Danieli sanapise dzanja m'jekete. Anatembenukira kwa Magdalena, amene anaima pakona ndi kansalu kake.

"Mayi, Chingerezi cha abwanawa chandidutsa pamwamba ngati mbalame. Tandiuzeni inu m'Chichewa. Chimenechi mwana wangayu chikamuchitira chiyani?"

"Auze, Magi," anatero a Frank akumwetulira ndi mano okha. "Uwamasulire zimene ndanenazi. Zimene ndanenazi."

Magdalena anapotokola kansalu kake m'manja. Anaganiza za Chiko ndi kachipinda kakuseri kaja. Kumasulira kunali kosavuta: n'chachikulu, n'champhamvu, chimasunga zambiri. Palibe liwu limodzi limene likanakhala bodza lenileni. Anayang'ana manja a bamboyo, akuda ndi utomoni wa fodya, ong'ambika m'zala. Anaika kansalu pansi, n'kutembenukira kwa Ulemu.

"Mchemwali, kukolejiko muzikachita nayo chiyani?"

A Frank anatsokomola.

Ulemu anayankha motsitsa mawu. Kulemba zimene apatsidwa, kuwerenga mabuku amene aphunzitsi amatumiza pafoni, kuonera mavidiyo a maphunziro, nthawi zina kuphunzira pa intaneti. Malo ogona pakoleji anadzaza, ndiye akachita lendi ndi anzake, ulendo wa theka la ola wapansi. Magetsi kumeneko amva kuti amathimathima. Patchuthi kumudzi kuli kasola kakang'ono kotchajira foni basi.

"Chabwino," anatero Magdalena. "Bambo, ndikufunseni. Mukamagula ng'ombe yapangolo, akakuuzani kuti ndi yamtundu wabwino, mumalipira pomwepo?"

"Ha! Ndingapenge? Timaiyasamulitsa. Mano sanama."

"Izinso zili ndi mano. Bwerani muone."

Anadina pa Chakuda, n'kudikira, n'kudikirabe, mpaka panatuluka tsamba limene makina amanenapo okha zimene ali nazo m'kati. Analoza ndi chala. Panalembedwa i7, kamzere, kenaka 2620.

"Mphwanu sananame. Pakati pa makina obadwa chaka chimodzi, i7 ndiye ng'ombe yamphamvu kuposa i5. Koma onani nambala yoyamba pambuyo pa kamzereka. Thuu. Ndiye kuti m'badwo wachiwiri. Iyi inapangidwa Ulemuyu akuyamba kumene Sitandade 1." Anatsegula tsamba lomwelo pa kotuwa kaja. "Apa i5, koma nambala yoyamba ndi eyiti. M'badwo wachisanu ndi chitatu. Pakati pa ziwirizi pali zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposa. Ichi ndi nkhalamba ya mtundu wabwino, mano anatha. Aka ndi kamphongo ka mtundu wapakati, koma ngolo kakoka kuposa nkhalambayo."

A Danieli anaweramira pasikirini, ngakhale zilembozo sankaziona bwino. "Ulemu, zilidi choncho?"

"Eya, bambo. Apa thuu, apa eyiti."

"Magi," anatero a Frank, "kodi madzi a tiyi aja wateleka?"

"Ndateleka, alamu."

Sanasunthe. Analoza mzere wina, pamene panalembedwa RAM.

"Apa folo, apa eyiti. Amenewa ndi malo ogwirirapo ntchito. Mukamasankha fodya pa kamphasa kakang'ono, mumatani?"

"Umangounjika. Ukafuna tsamba la pansi, uyambe wachotsa za pamwamba. Tsiku limatha usanamange kanthu."

"Ndi momwemo. Ulemu akatsegula buku, n'kutsegula polembera, n'kutsegulanso intaneti, pa foloyu zinthu ziyamba kuunjikana, makina n'kumaima, iye akungoyang'ana kachizungulire pasikirini. Pa eyiti zonse zitatu ziyalidwa bwinobwino. Koma tisachuluke zonena, tiyeni tiziyese."

Anazimitsa onse awiri. Anauza Ulemu kuti adine kotuwa, bambo ake adine Chakuda, nthawi imodzi. A Danieli anadina ndi chala chachikulu mwamantha. Iwo wotchi analibe, ndiye anachita mmene amayezera nthawi akamawiritsa mazira: milomo inayamba kugwedera. Tikuoneni Maria woyamba atangotha, kotuwa kanali katadzuka kale, kakudikira ntchito. Chakuda chinali chikuonetsa timadontho tozungulira. Wachiwiri. Wachitatu. Anthu awiri atatu odutsa anaima pakhomo kuonerera. Chinadzuka a Danieli ali pa wachisanu ndi chitatu, ndipo Ulemu atadina polembera chinayambanso kuganiza.

"Chimenechi chikufuna kolona yathunthu," anatero mayi wina wogulitsa nthochi pakhomopo. Anthu anaseka.

A Frank khosi linatupa. "Nanga posungira bwanji sukunena? Madala, ichi ndi one terabyte. Kamene akukunamizani nakoka ndi thuu fifite sikisi. Ichi chimasunga kanayi kuposa ako. Kanayi! Nena ngati ndikunama."

"Pamenepo alamu anena zoona," anatero Magdalena. "Nkhokwe ya ichi ndi yaikulu kanayi. Mungathiremo mafilimu mazanamazana osadzaza."

A Danieli anacheukira mwana wawo. "Iwe, ukupita kukaonera mafilimu?"

"Ayi, bambo!"

"Mabuku onse a zaka zimene akakhale kukoleji, ndi zolemba zake, ndi mavidiyo a maphunziro, aka kasunga, malo n'kutsalabe, bola asamaunjikemo nyimbo ndi mafilimu a anzake. Koma tagunditsani khutu apa, bambo."

A Danieli anagunditsa khutu pa Chakuda.

"Mukulira kanthu. Ngati chigayo chakutali."

"Zina ndi fani yoziziritsa, koma kumene mukumva teketeke uko ndi mbale yosungira. Imazungulira mothamanga, ndipo pamwamba pake pamayenda kadzanja kowerenga. N'chifukwa chake chimachedwa kudzuka, kadzanjako kayambe kafufuza. Ndipo chikagwa mbaleyo ikuzungulira, zonse zimene mwana walemba zikhoza kuthera pomwepo. Ndinaziona ndi maso angawa. Aka kali ndi chimene amati SSD. Mulibe chozungulira, ali ngati kamemore kadi ka m'foni. Pa msewu wanu wa ku Kasakula uja, pa njinga yamoto, kapirira kugwedezeka. Sindikuti sikangafe, chilichonse chimafa. Mumugulirenso fulashi azisungamo zofunika kawiri."

"Nanga kulemeraku?"

"Ndi zitsulo ndi mapulasitiki akale, ndi podyera DVD pamene masiku ano kukoleji sagwiritsanso ntchito. Nzeru sizilemera, bambo. Amene azinyamula kulemerako ndi Ulemu, theka la ola kupita, theka la ola kubwera, pamodzi ndi mabuku."

A Danieli anayang'ana makina awiriwo, uku ndi uku. Anatenga kapepala kaja n'kukayang'ananso. Munthu wayenda nako kuchokera ku Kasakula, mawu a mphwake wophunzira, wogwira ntchito mu ofesi. Kuwataya chifukwa cha mtsikana wosesa m'shopu sichinali chapafupi. Ndipo diso lawo linkabwererabe ku chisikirini chachikulu chija. Mwana wa Danieli akalowe m'kalasi ndi kanthu kokandika pachivundikiro, anzake aziti bambo ake analephera?

"Koma mphwanga anati i7," anatero motsitsa. "Akadzafunsa ndidzati chiyani?"

A Frank anaona mpata.

"Madala, musamvere za akazi. Uyu ndinamutola kumudzi sadziwa n'kuyatsa komwe. Kuchedwa kudzuka n'chiyani? Galimoto yaikulu imayamba yatenthetsa injini. Ndikuchotserani pang'ono, ndikuwonjezerani chikwama chaulere. Bwera nacho chikwamacho, Magi, ndiwapakirire."

A Danieli anapisa dzanja m'jekete.

Magdalena ankaudziwa mchitidwe wa alamu ake. Popakira Chakuda ankayamba achizimitsa bwinobwino, sikirini ide, kenaka n'kuzula chaja, n'kukulunga chingwe akucheza. Wogula ankakazindikira ali kwawo. Anaona dzanja la a Frank likupita pa mausi, kamuvi kakutsetserekera kukona kozimitsira.

Sanapite kukatenga chikwama. Anatambasula dzanja, n'kugwira chingwe pamene chimalowera m'mbali mwa Chakuda, n'kuchizula.

Phethi! Sikirini bii. Kachigayo kaja kanalira kamodzi n'kukhala chete.

Maso onse anapita pasikirini yakudayo. Ngakhale wa nthochi uja anasuzumira m'kati.

"Batire lake linafa, bambo," anatero Magdalena. "Silisunga moto ngakhale wa mphindi imodzi. Magetsi akathima Ulemu ali pakati polemba, chizima ngati mmene mwaoneramu, ndipo zimene sanasunge zipita. M'kalasi mopanda soketi pafupi n'chimodzimodzi kunyamula njerwa." Anazulanso chingwe cha kotuwa. Kanangochepetsa kuwala pang'ono, n'kupitiriza. Analoza pakona. "Apa kakuti katsala ndi maola anayi. Inu muwerengere atatu, batire lakenso si latsopano."

"Batire amagula!" anakuwa a Frank. "Batire n'chiyani?"

"Tinagula, alamu. La makina akale chonchi lenileni silipezeka. Limene munabwera nalo lija linatha miyezi iwiri."

A Danieli anatulutsa dzanja m'jekete lopanda kanthu. Sanakweze mawu. Anthu ngati amenewa akakwiya amayankhula pang'onopang'ono, ngati akuwerenga kalata yachiwiri kutchalitchi.

"Achimwene, ine fodya ndalima zaka makumi atatu. Ku okushoni belo amaling'amba pakati. Akapezamo mwala amalibweza, dzina lako n'kuipa mudzi wonse. Ine sindinaikepo mwala m'belo. Ndiye inu mwala mwauika pashelefu, mwaupukuta, mukuugulitsa ndi Chingerezi. Mwandiyang'ana nsapato zangazi n'kuona kuti uyu ndi woyenera mwala."

"Madala, simunandimvetse."

"N'zoona, sindinakumvetseni. Ndamvetsa mayiwa." Anapinda kapepala kaja n'kukabweza m'thumba. "Mphwanga ndikamuuza kuti ndinayang'ana mano. Ndipatseni kopanda kanthu m'katika."

A Frank anayesa kunena kuti kotuwako kali ndi mwini wake kale, bwana wina wa bungwe. A Danieli anangoti ngati zili choncho apita shopu ina, ndipo apempha mayiwa awaperekeze. Pakhomo anthu anali atachuluka. A Frank anagulitsa, pa mtengo umene unamatidwa pansi pake, osachotsa ngakhale tambala, chikwama chaulere chija osachitchulanso. Magdalena anamuonetsa Ulemu kuzimitsa koyenera asanaike m'chikwama, n'kumuuza kuti asamaikhazike pabulangete chifukwa imapumira pansi, ndiponso kuti kasola ka foni sikangaitchaje, azipita nayo pa Kasakula pamene pali magetsi. Ulemu analemba zonsezo kuseri kwa risiti. Potuluka a Danieli anavula chipewa.

"Mayi, kwanu n'kuti?"

"Ku Mtengowanthenga, bambo."

"Anakulerani."

Njinga yamoto isanazimiririke n'komwe, a Frank anatambasula dzanja.

"Makiyi."

"Alamu, mwagulitsa. Ndalama zili m'thumba mwanu. Munthu wapita wokondwa, mawa atumiza anzake."

"Wandivula pamaso pa anthu, iwe! M'shopu mwanga! Wadya nsima yanga zaka zinayi, lero ukundisandutsa wakuba chifukwa cha mlimi amene sudzamuonanso?"

"Ine sindinanene kuti ndinu wakuba. Ndazula chingwe basi."

"Makiyi, ndati."

Anawaika patebulo. Anatenga chikwama chake ndi kasikuludiraiva kake, kamene anagula yekha. Kansalu kopukutira anakasiya.

Zikanathera pomwepo bwenzi ndikuti ndi mmene ntchito zimathera. Koma a Frank atafika kunyumba anakauza a Kristina nkhani ina. Akuti Magdalena anapangana ndi mlimiyo kuseri kuti amupatse kenakake, akuti wakhala akuchita zimenezi kuyambira kale, akuti anawatukwana pamaso pa gulu. A Kristina sanafunse mbali inayo. Mlungu usanathe, Magdalena ndi Chiko anali atachoka m'kachipinda kaja, katundu pamutu. Ana a mimba imodzi, lero akakumana kuchigayo wina amayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Kutchalitchi pa nthawi yopatsana mtendere a Kristina amaonetsetsa kuti akhala benchi lakutali.

Tsopano Magdalena amagulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu, benchi lake loyandikana ndi langa. Munthu wodziwa kutsegula laputopu n'kuibwezeretsa sikuluu iliyonse pamalo pake, akuunjika tomato atatuatatu. Anayesa kufunsa ntchito m'mashopu ena awiri. Onse anamva kale kuti ndi uja amazula machaja.

Anthu amabwerabe ndi timapepala tawo. Aphunzitsi, azaumoyo a m'midzi, makolo a ana osankhidwa. Amaima pabenchi ngati akugula tomato, kenaka n'kutulutsa foni, kumuonetsa chithunzi cha manambala. Iye amapukuta manja pachitenje n'kuyamba: ndi ya ndani, akachita nayo chiyani, magetsi aliko? Ena amamusiyira ya sopo, ambiri amangothokoza. Ulemu anatumiza uthenga mwezi wa Novembala kuti magetsi anathima tsiku lopereka ntchito, anzake atatu a m'nyumba anamalizira pa laputopu yake mosinthana. Magdalena anauwerenga kawiri, n'kubweza foni m'chikwama, n'kufunsa mayi amene anaima patsogolo ngati akufuna a mulu waukulu kapena waung'ono.

Chakuda chinagulidwa. Tinachiona tonse Lachiwiri lina, chili m'chikwama chaulere chija, kumsana kwa bambo wina wachikulire amene anakwera njinga yamoto yolowera ku Dowa, akumwetulira. Magdalena anadumpha, tomato kugubuduka, n'kuthamanga akukuwa kuti bambo taimani. Phokoso la msika linameza mawu ake. Anabwerera akupuma mwawefuwefu, natola tomato wake mmodzimmodzi m'fumbi.

Tikulongedza madzulo a tsiku limenelo ndi pamene anandigwira pamkono.

"Amake Susana, inu mumalemba makalata a kumphakati wa kutchalitchi kwathu, dzanja lanu limawerengeka. Mundilembere nkhani imeneyi mmene ndakuuzirani. Musandikometse, musathiremo mchere. Mulembe kuti chingwe ndinazula ndine, mwadala, ndipo kwa bambo aja sindinalandire ngakhale nthochi. Mukatha mupite nayo kwa akulu anga, nthawi imene alamu ali ku shopu, mukawawerengere nokha, chifukwa ine sangandimvere. Akakana kumva musakangane nawo. Mungowafunsa kuti mwana wawo Princess akadzasankhidwa kukoleji, iwo n'kupita ndi kapepala m'shopu ya eni ake, adzafuna mtsikana woima pakonayo adzakhale chete kodi?"